Miyezi itatu ya Chingerezi cha ku Joni: khutu, pakamwa, kenako pepala

Uthengawu ndi wautali, ndiye ausunge amene ali pa ntchito, adzawerenge madzulo.

Nkhani yanga lero ikupita kwa amene pasipoti yatuluka kapena ili m'njira, ndipo akuwerenga miyezi kuti akwere basi ya ku Joni. Ambiri mwa inu mukandipeza ndikumasula injini mumandifunsa funso limodzi: kodi miyezi itatu ingakwane kuti munthu wamkulu aphunzire Chingerezi cha pa ntchito? Yankho langa ndi loti ingakwane, koma pokhapokha mutasiya kuphunzira ngati mukukonzekera mayeso a Fomu 4. Chingerezi cha m'kalasi chinatiphunzitsa maso ndi dzanja. Bwana wa pa galaja ku Durban sadzakupatsani pepala loti musankhe pakati pa A, B, C ndi D. Adzayankhula kamodzi, mothamanga, ali chogona pansi pa galimoto, ndipo adzadikira kuti chitsulo chimene watchulacho chifike m'manja mwake.

*Tiyambe tawerengera maola*

Miyezi itatu ndi masabata 13. Mukamaphunzira masiku 6 pa sabata, kupuma Lachisanu kapena Lamulungu malinga ndi komwe mumapemphera, maola awiri pa tsiku, mupeza maola 156. Ndi amenewo basi, palibe ena obisika.

Tsono anthu a ku Cambridge, amene amakonza mayeso a Chingerezi, amayerekeza kuti munthu woyambira pansi amafunika maola 180 mpaka 200 a maphunziro kuti afike pa mlingo umene amautcha A2, pomwe amatha kugula, kufunsa njira ndi kumva malangizo afupiafupi. Kuti afike pa B1, pomwe amatha kufotokoza vuto ndi kucheza pa nkhani za ntchito yake, amafunika maola 350 mpaka 400 onse pamodzi. Ndiye onani nokha: maola 156 sangakusandutseni wowerenga nkhani pa wailesi. Amene akukulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu.

Mwayi wathu ndi woti sitikuyambira pansi. Aliyense amene anafikako Fomu 2 ali ndi mawu ambiri m'mutu, angogona. Ntchito ya miyezi itatu ndi kudzutsa mawuwo ndi kuwalozetsa pa ntchito imodzi yokha. Ndikubwereza, imodzi. Ngati mukupita kukathandiza makaniko, zanu ndi zitsulo, miyezo ndi madandaulo a kasitomala. Ngati ndi ya m'nyumba, zanu ndi makina ochapira, mankhwala otsukira ndi malangizo a mwana. Ngati ndi mu shopu, mitengo, chenji ndi kuwerenga katundu. Wothamangitsa zonse nthawi imodzi amafika ku Park Station akudziwa pang'ono pa chilichonse koma osatha kugwira nacho ntchito.

M'munsimu nditsatira munthu mmodzi. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 24, analekezera Fomu 2, amandithandiza kumasula injini, ndipo achimwene ake amulonjeza malo pa galaja. Amawerenga Chingerezi pang'onopang'ono, koma wina akamuyankhula amangomwetulira. Inu a ntchito zina musinthe zitsulo zokha, ndondomeko ndi yomweyi.

*Zofunika ndi kagawidwe ka tsiku*

Kope limodzi, foni yotha kujambula mawu, mahedifoni, ndi mnzanu mmodzi wolimbikira ngati inu. Pamwamba pa izi mupeze munthu wodziwa bwino, kaya mphunzitsi wa pa sekondale yoyendera, kaya m'bale amene wakhalitsa ku Joni, woti azikumverani kamodzi pa sabata. Ameneyu ndi wofunika chifukwa anthu awiri olakwitsa mofanana amangolimbikitsana pa cholakwikacho.

Maola awiri aja musawadye nthawi imodzi. Mphindi 40 m'mawa, mutu usanatope, ndi za mawu atsopano ndi kubwereza akale. Mphindi 40 masana, mukusoka ukonde kapena mukudikira kasitomala, ndi za kumvetsera. Mphindi 40 madzulo ndi za kuyankhula mokweza ndi mnzanu. Za bandulo musadandaule kwambiri. Tsiku limene mwapita pamene netiweki ikugwira bwino, tsitsani zomvetsera za sabata yonse, zikhale mu foni. Simukufuna zambiri, chifukwa chinthu chimodzi muzichimva kambirimbiri.

Mawu atsopano akhale 8 pa tsiku, osapitirira. Pa masiku 78 akwana 624, ndipo mawu 624 a ntchito imodzi ndi ambiri zedi. Liwu musamalilembe lokha. Lilembeni m'kachiganizo kamene mudzakanene ndithu pa ntchito. Kenako mulibwereze mawa lake, patatha masiku atatu, patatha sabata, ndi patatha mwezi. Pobwereza, phimbani mbali ya Chingerezi, yang'anani ya Chichewa kapena Chiyao, munene mokweza musanaone. Kungowerenga mndandanda kumanamiza: diso limazindikira liwu, mtima n'kumati ndalidziwa, koma pakamwa silituluka.

*Mwezi woyamba: khutu ndi manambala*

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi ambiri. Iwo amati yambani ndi galamala. Ine ndikuti yambani ndi manambala, chifukwa ndi amene amaononga katundu ndi kudyetsa malipiro.

Tamvani mmene timatchulira: satini ndi sate, fotini ndi fote, fifitini ndi fifite. Kwathu kuno timawasiyanitsa bwinobwino chifukwa timaika "ni" womveka kumapeto. Mwini chiyankhulo saika "ni" wathuyo. Kusiyana kwake kumakhala pa malo amene akukankha mawu: pa 15, akaitchula payokha, amakankha ndi kukoka kumapeto, pa 50 amakankha koyambirira, kumapeto n'kungofupikitsa. Khutu losazolowera limamva chimodzimodzi.

Taonani zimene zimachitika pa injini ya boti. Injini zambiri zosakaniza petulo ndi oyilo, monga Yamaha Enduro zimene timaziona m'madoko, zimafuna muyezo wa 50 kwa 1. Pa malita 25 a petulo mumathira theka la lita ya oyilo. Mnyamata wathu akamva 15 m'malo mwa 50, athira lita imodzi ndi theka n'kupitirirako, kuposa katatu muyezo woyenera. Injini ifuka utsi, mapulagi ada, kasitomala abwerera atakwiya. Chimodzimodzi akatumidwa sipanala ya 13 iye n'kubwera ndi ya 30. Kamodzi bwana aseka. Kachitatu ayamba kufunsa ngati pali wina.

Ndiye sabata yoyamba ndi yachiwiri, madzulo alionse, mnzanu azikuwerengerani manambala 20 osakaniza: mitengo ya randi, nthawi, masiku a mwezi, nambala za foni. Inu muzilemba osamuyang'ana pakamwa. Pemphani m'bale wa ku Joni akujambulireni manambala ena pa WhatsApp, kuti muzolowere liwu lina. Phunziraninso kasitayilo kopulumukira: mukakaika, bwerezani nambalayo ndi manambala ake amodzi amodzi, wani ndi faifi, kapena faifi ndi ziro. Ngakhale eni ake amachita zimenezi pa foni.

Sabata yachitatu ndi yachinayi mulimbane ndi zinthu zitatu zimene lilime lathu limabweretsa kuchokera ku Chichewa. Choyamba ndi L ndi R. Kwa ife zimasinthana popanda kusintha tanthauzo, n'chifukwa chake wina amalemba Chingerezi wina Chingelezi. Kwa iwo, liwu la kumanja ndi liwu la nyali zimasiyana pa chilembo chimenechi basi, ife tonse timangoti layiti. Pa L nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano a m'mwamba n'kukhala pomwepo. Pa R siigunda paliponse, imangopindikira m'mbuyo pang'ono. Yesani mukudziyang'ana pa galasi la njinga yamoto, mudzaona.

Chachiwiri ndi mchira umene timaika kumapeto kwa mawu. Chichewa sichimaliza liwu popanda a, e, i, o kapena u, ndiye timati boti, pulagi, boluti. Pakati pathu zili bwino. Koma kwa munthu wa kunja, boluti ndi liwu la magawo atatu pomwe iye amalidziwa la gawo limodzi, ndiye salizindikira. Dzijambuleni mukutchula zida khumi, mumvetsere, muwerenge michira imene mwaika. Mawa lake muidule.

Chachitatu ndi mawu aatali ndi aafupi. Ife tili ndi mavawelo asanu okha, iwo ali ndi oposa khumi. N'chifukwa chake sitima ya pamadzi ndi nkhosa kwa ife zonse ndi shipi. Apa musataye nthawi yambiri, chifukwa nkhani imene mukukamba imathandiza womvera kudziwa ngati mukunena nkhosa. Manambala ndi michira ndiye zofunika kwambiri.

Zomvetsera za mwezi uno zikhale zosathamanga. Pa VOA Learning English pali zambiri zimene amayankhula pang'onopang'ono dala. BBC Learning English ili ndi pologalamu ya mphindi 6 yokhala ndi mawu ake olembedwa. Tengani kachidutswa ka mphindi imodzi. Mverani kawiri osawerenga. Kachitatu muwerenge mukumvera, muike chizindikiro pamene khutu linaphonya. Kenako muziyankhula motsatira liwulo, ngati mmene timatsatirira wotsogolera nyimbo pokoka khoka. Mphindi imodzi yomvedwa kakhumi imaposa filimu ya maola awiri ya pa vidiyo sho, imene mumangotsatira zibakera.

Mayeso a kumapeto kwa mwezi: manambala 20 owerengedwa ndi munthu amene simunamuzolowere, mupeze 18. Mukapeza 14, musapite patsogolo. Onjezerani sabata ina pa manambala, mudule ku mwezi wachiwiri.

*Mwezi wachiwiri: pakamwa ndi zida za ntchito*

Tsopano yalani mphasa, muikepo zida: masipanala, pulayala, sikuludiraiva, nyundo, pulagi, fyuluta, chingwe cholizira injini. Mnzanu akhale folomani. Azikutumani mu Chingerezi, poyamba chinthu chimodzi, kenako ziwiri, kenako zitatu motsatizana: tenga sipanala ya 14, masula mabawuti awiri a m'mwamba, koma usakhudze paipi ya mafuta. Inu muzichita ndi manja, osangomasulira. Liwu limene lalowa limodzi ndi kugwira chitsulo silichoka msanga. Mumvetsere kwambiri timawu ting'onoting'ono totanthauza "usa-", "usanayambe", "ukamaliza", "pokhapokha". Timeneti timamezedwa poyankhula mothamanga, koma ndi timene timatembenuza lamulo lonse.

M'sabata yachisanu mukonze ziganizo zisanu zimene ine ndimazitcha zopalasira, zoti injini ikazima pakati pa nyanja mufikebe kumtunda. Ndizilemba m'Chichewa, inu mukazitembenuze ndi mphunzitsi wanu uja kuti zikhale zolondola ndi zaulemu. Chonde bwerezaninso pang'onopang'ono. Sindinamve gawo lomaliza. Mukutanthauza ichi kapena icho? Ndionetseni kamodzi. Ndibwereze zimene mwanena kuti muone ngati ndamva bwino. Zimenezi muziloweze mpaka zizituluka muli m'tulo.

Ndikudziwa chifukwa chake zimativuta. Tinaleredwa kuti wamkulu akayankhula umavomera, sumubwezera funso. Ulemu umenewo ndi wabwino pakhomo, koma pa galaja "yesi bwana" wa munthu amene sanamve ndi amene amathyola bawuti. Folomani amakhululuka wofunsa kawiri. Amene wavomera kenako n'kuchita zina amaoneka ngati wabodza kapena wamwano, pamene vuto linali khutu chabe.

Galamala ilowe pano, koma yochepa. Makaniko amafunika kunena zinthu zitatu: zimene ndapeza, zimene ndikuchita, zimene ndichite. Ndiye nthawi zitatu zokha: yapita, ino, ikubwera. Lowezani maverebu 30 a pa ntchito amene amasintha mosatsata lamulo akakhala a dzulo, monga a kutenga, kubweretsa, kuthyoka, kupeza, kuika ndi kusiya. Kenako madzulo alionse mnyamata wathu afotokoze ntchito imodzi ya tsikulo m'ziganizo zisanu: injini inkakana kulira, ndinamasula pulagi, ndinaipeza yakuda ndi yonyowa, ndikutsuka kabuleta, mawa ndidzaiyesa m'madzi. Adzijambule, atumize kwa womumvera uja. Womumverayo asakonze zonse, asankhe zolakwika ziwiri zokha pa sabata. Mukakonza khumi nthawi imodzi munthu amangotseka pakamwa.

Kamodzi kena koti muchenjere nako: ife timati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, iwo ali ndi hi ndi shi. Mukamapereka uthenga woti kasitomala wanena zakuti, kusokoneza awiriwa kumachititsa bwana kuimbira munthu wolakwika.

Zomvetsera za mwezi uno zisinthe. Siyani zapang'onopang'ono zija, mutsitse za anthu a ku South Africa enieni: nkhani za SABC News, ndi mavidiyo a pa YouTube a amakaniko akumasula injini akufotokoza. Chingerezi cha kumeneko chili ndi zake. Galimoto ya pikapu amaitcha baki. Akakuuzani kuti abwera "nawu nawu" ndiye kuti posachedwa, koma "jasiti nawu" akhoza kukhala madzulo kapena mawa. Loboti yokha ndiye tikugwirizana nawo.

Mayeso a mwezi wachiwiri: malamulo khumi a magawo atatu, kuchokera kwa munthu wachilendo, muchite 8 molondola. Kufunsa kuti abwereze n'kololedwa, sikuchotsetsa malikisi. Chochotsetsa ndi kuvomera kenako n'kugwira chida cholakwika.

*Mwezi wachitatu: pepala ndi ndalama*

Masabata asanu omalizawa ndi amene ambiri sawaganizira, pomwe ndi amene amateteza thukuta lanu. Munthu atha kumva malamulo onse a folomani koma n'kumaberedwa mwezi ndi mwezi chifukwa sadziwa kuwerenga pepala la malipiro.

Pemphani m'bale akutumizireni chithunzi cha kontirakiti ndi peyisilipi, atabisa dzina ndi manambala ake. Masabata awiri muziwerenga zimenezi mzere ndi mzere. Mawu 8 a tsiku achokere mmenemo: malipiro onse asanadulidwe, otsala atadulidwa, zodulidwa, ovatayimu, tchuthi, notisi, nthawi yoyesedwa, kuchotsedwa ntchito. Pa pepala lililonse muzifunafuna mayankho a mafunso asanu: ndigwira maola angati, ndilandira zingati pa ola, adula chiyani, ndikafuna kusiya ndinena liti, ndipo amene akundilemba dzina lake ndi adiresi yake ndi ziti.

Kuti mudziwe ngati pepalalo lili bwino, muyenera kudziwa zimene lamulo la kumeneko limanena. Maola wamba a ntchito sapitirira 45 pa sabata. Opitirira pamenepo ndi ovatayimu, ndipo amalipidwa kamodzi ndi theka. Malipiro otsikitsitsa ololedwa kuyambira pa 1 Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo amakwezedwa chaka ndi chaka, ndiye mufunse a chaka chimene mukupitacho. Tiyeni tiwerengere mnyamata wathu pa mtengo umenewu. Maola 45 ndi R1,295.55. Sabata ina wagwira maola 50, ndiye 5 ndi a ovatayimu, lililonse pafupifupi R43.19, onse pamodzi pafupifupi R216. Sabata imeneyo ayenera kuona pafupifupi R1,511 asanadule. Pa zodulidwa adzaona UIF, thumba la anthu otha ntchito, imene imatenga 1 pa 100 iliyonse, ndiye pafupifupi R15. Akaona R200 yadulidwa pa mzere umene saudziwa, afunse.

Kufunsako ndiye phunziro la sabata ya 11. Muyeserere ndi mnzanu mpaka mawu azituluka mofatsa, opanda ukali ndi opanda mantha: bwana, sabata yatha ndinagwira maola 50, pa pepala pali 45, tingaonere limodzi? Kuti chiganizo chimenechi chikhale ndi mphamvu, muyambe pano chizolowezi cholemba m'kope tsiku lililonse, mu Chingerezi, nthawi yoyamba ndi yomaliza ntchito. Dziwaninso kuti notisi ya munthu amene sanapitirire miyezi 6 pa ntchito ndi sabata imodzi, ndipo wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okadandaula ku bungwe la CCMA.

Masabata awiri omaliza ndi a foni. Kuyankhula pa foni n'kovuta kuposa pamaso chifukwa simuona manja kapena nkhope. Katatu pa sabata wina akuimbireni kwa mphindi zisanu ngati bwana wofuna wantchito: ndiwe ndani, unagwirapo chiyani, injini ikatentha kwambiri umayamba kuona pati, ungayambe liti. Muuzeni azikudulani pakati ndi kusintha mafunso. Apa ndi pamene amagwidwa oloweza ndakatulo. Munthu amanena bwinobwino mbiri yake yonse, koma ukangomudula ndi funso lina amabwerera poyambira ngati kaseti. Mukaona zimenezo, siyani kuloweza ndime, muziloweza mfundo zitatu zokha, ziganizo muzizipanga pomwepo.

Mayeso omaliza ndi awiri. Foni ya mphindi zisanu ndi munthu wachilendo osathawira ku Chichewa. Ndi kontirakiti imene simunaionepo, muyankhe mafunso asanu aja pa mphindi 15.

*Zimene ena anena*

Wina ati, "Aise, zonsezi n'zachiyani, Chingerezi ukachitolera konko." Ena amatoleradi. Koma taganizani mmene moyo wa kumeneko umakhalira. Mumagona m'chipinda ndi anyamata akwanu, mumadya nawo, mumacheza Chiyao ndi Chichewa. Ku ntchito mumamva mawu omwewo makumi awiri. Pali anthu akhala zaka zisanu ku Joni amene akadwala amafuna wowaperekeza ku chipatala kuti akawayankhulire. Komanso sabata yoyamba, imene bwana amaonera ngati akusungeni, imafika musanatole kalikonse. Maola awiri a phee amene muli nawo kuno simudzawapeza mukamadzuka 4 koloko kuthamangira takisi.

Wina ati Chizulu ndiye chofunika. Pamenepa pali zoona. Mu takisi ndi m'makomboni a ku Durban ndi Joni, moni wa Chizulu amatsegula zitseko zimene Chingerezi sichitsegula, ndipo ku Cape Town mudzamva Chikhosa ndi Chibunu. Moni, zikomo ndi pepani muphunzire musananyamuke. Koma Chizulu n'chachibale ndi ziyankhulo zathu, chimalowa chokha ndi kucheza. Kontirakiti, peyisilipi, fomu ya ku banki ndi buku la injini mudzazipeza mu Chingerezi, ndipo zimenezo sizilowa ndi macheza.

Aphunzitsi ena ati ndikupeputsa galamala. Ayi, ndikungoiika pa mzere. Amene akufuna ku UK ndiye wina: kumeneko viza ya ntchito imafuna umboni wa mayeso monga IELTS, okhala ndi magawo anayi, kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula, ndipo kulemba kokha ndi ola lathunthu. Kwa munthu wa Fomu 2, miyezi itatu siikwana pa amenewo. Ndipo dziwani kuti kuyambira Julayi 2025 dziko la UK linatseka njira yolemba anthu atsopano ochokera kunja pa ntchito yosamalira okalamba. Wina akakuuzani kuti mulipire akupezereni ntchito imeneyo, gwirani thumba lanu.

*Chimene Chingerezi sichingakuchitireni*

Sichisanduka pemiti. Masiku 30 amene amakudindirani pa Beitbridge ndi a mlendo, si a ntchito, ndipo ku Lindela kumafika ndi odziwa Chingerezi omwe. Ndondomeko iyi ikuthandizani kuwerenga chidindocho nokha ndi kumva zimene wa imigireshoni akufunsa, koma mapepala oyenera ndi nkhani ina yoti muikonze payokha.

Kwa amene mukuyang'ana kwina, monga minda ya ku Israel kumene achinyamata athu anayamba kupita mu Novembala 2023, kapena ntchito za m'nyumba ku maiko a Aluya, mwezi wachitatu uja ndiye muuwirikize. Kumeneko eni ake ali ndi ziyankhulo zawo, Chingerezi chimangokhala mlatho, ndipo chimene chingakutetezeni ndi pepala limene mwasaina. Munamva za amayi a kuno amene anavutika ku Oman, zimene BBC inaulutsa mu 2024. Ndiye alongo anga, pepala lililonse muliwerenge muli kuno, mufunse amene azisunga pasipoti yanu, ndipo wokukanizani kutenga kope la kontirakiti kuti mukawerengere kunyumba wakuuzani kale zonse za ntchitoyo.

Chomaliza, mmene mungadziwire kuti zikuyenda. Tsiku loyamba dzijambuleni kwa mphindi imodzi mukufotokoza ntchito yanu mu Chingerezi, ngakhale zikhale zomvetsa chisoni, ndipo musafufute. Loweruka lililonse mujambulenso nkhani yomweyo. Muziwerenga kuti mwaima kangati kufunafuna liwu. Ngati pa sabata yachinayi nambalayo siinatsike, pafupifupi nthawi zonse chifukwa chake ndi chimodzi: mphindi 40 za madzulo mukuzichita chamumtima, kapena mwazisandutsa zowerenga. Bwererani pa mphasa, mnzanu akutumeni sipanala, muyankhe mokweza ngakhale ana aziseka.

Amene ali ndi peyisilipi yakale ku Joni uko atithandize, abise dzina atumize kwa achibale ake akuphunzira. Ndipo uthengawu mupatsireko aliyense amene mukudziwa kuti akusunga ya basi.